Ndalephera funso la mayi wokana magazi, mayeso obwereza ali pafupi ndipo mtima ukukanabe

Anti,

Pepani ndikulemba usiku chonchi, 1 koloko yadutsa, kwatentha mmene mukudziwira Mangochi ndipo tulo palibe. Ndine mtsikana wa zaka 23, ndikuphunzira udokotala, dzina la sukulu sinditchula. Panopa tili kuno pa maphunziro a mu wodi. Kunyumba sakudziwa kuti pepala la efikisi, la khalidwe loyenera pa ntchito ya udokotala, ndalephera, amalume amene amandilipirira fizi ndi asodzi ndipo tsiku lililonse akaimba foni amanditchula adokotala, ine ndimangoti eya zikuyenda.

Funso lake linali la malikisi 25, mphindi 30. Mayi wa zaka 28 wachira kumene koma wataya magazi ambiri, mlingo wa magazi wotchedwa Hb watsika kufika 5, ndi wa Mboni za Yehova ndipo akukana kuikidwa magazi. Akuyankhula bwinobwino. Pambali pa bedi pali amayi ake omubereka, nawonso a mpingo omwewo. Mwamuna wake si wa Mboni, akukalipa pakhonde kuti muikeni magazi ine ndisayinira, komanso akufuna kuona failo. Ndiye mu failomo mwalembedwa kuti mayiyu amamwa ma ARV ndipo anapempha nesi kuti bamboyo asauzidwe. Kambiranani.

Ine ndinalemba masamba atatu athunthu Anti, dzanja mpaka kuwawa. Ndinati ntchito ya dokotala ndi kupulumutsa moyo, khanda lisakhale lamasiye, mwamuna wavomera ndiye magazi aikidwe basi. Mfundo zinayi zija ndinaziika zonse, ulemu pa chisankho cha wodwala, kumuchitira zabwino, kusamuvulaza ndi chilungamo, ndi matanthauzo ake omwe. Ndinapeza 9. Alekichala anangolemba ndi bolopeni yofiira kuti ndalemba maganizo anga, mlanduwo sindinauunike. Mzere umodzi basi, masamba atatu.

Chimene chikundiwawa china, mnzanga wa chipinda chimodzi anapeza 19 ndipo manotsi amene anawerenga ndi anga, anabwereka kope langa sabata yonse nkulibweza litathimbirira ndi mafuta a chipisi, osapepesa nkomwe. Ndinachita kumupempha kawiri kuti ndione pepala lake. Mwina ndi nsanje, ndikuvomera, koma kope linali langa.

Nditaliwerenga ndiye ndinaona pamene ndinaphonya. Iye sanathamangire kunena kuti magazi aikidwe kapena asaikidwe. Anayamba ndi kufunsa ngati kukanako kuli kukana kwenikweni. Choyamba, mayiyu mutu wake ukugwira mokwanira kupanga chisankho chimenechi pa nthawi imeneyi? Akumva zimene akuuzidwa, akutha kuzisunga mmutu, akutha kuziyeza ubwino ndi kuipa kwake, akutha kunena chimene wasankha? Ndipo anawonjezera chinthu chimene ine ndimachidziwa bwino mu wodi koma pa pepala sichinabwere, kuti munthu wotaya magazi ambiri akhoza kusokonezeka mutu, ndiye umuyeze kaye, umufunse abwereze mmawu akeake chimene chingachitike akapanda kulandira magazi. Akati ndikudziwa ndikhoza kufa, wamva. Kusankha chinthu chimene dokotala sakugwirizana nacho sikutanthauza kuti mutu sukugwira.

Kenako anafunsa ngati mayiyu wauzidwa zonse mchilankhulo chimene amamva, ndipo analemba kuti kuno ambiri amamasuka mu Chiyao, ndiye womasulira akhale wa chipatala osati gadiyani. Apa ndinachita manyazi chifukwa ine ndemwe mu wodi ndimangokodola gadiyani kuti tandimasulireni, osaganiza kuti gadiyaniyo angasankhe zoti anene.

Chachitatu ndi chimene ine sindinachione ngakhale pang'ono, amayi aja pambali pa bedi. Iye anati atulutsidwe mwaulemu, wodwala afunsidwe ali yekha, chifukwa kukana kochita kukakamizidwa si chisankho chake. Anatchula mlandu wa ku England wa 1992 wotchedwa Re T, wa mayi woyembekezera amene anakana magazi atangotsala awiri ndi amayi ake a Mboni, ndipo khoti linati kukanako sikunali kwa iye mwini. Ndiye yankho lake linali ndi njira ziwiri. Ngati mutu ukugwira, wamva zonse ndipo ali yekha akukanabe, magazi asaikidwe, siginecha ya mwamuna ilibe mphamvu pa thupi la munthu wamkulu wozindikira. Koma osamusiya, kuletsa kutaya magaziko ndi mankhwala a okisitosini ndi traneksamiki asidi, madiripu, okosijeni, kuitana dokotala wamkulu, kulemba zonse mu failo pamaso pa munthu wochitira umboni, ndi kumuuza kuti akhoza kusintha maganizo nthawi iliyonse. Ngati wasokonezeka ndipo palibe umboni wodalirika wa chimene anasankha ali bwino, monga khadi lokana magazi lija a Mboni amayenda nalo, pamenepo umupatse chithandizo chopulumutsa moyo.

Za failo ine ndinangolemba kuti chinsinsi nchofunika, mzere umodzi. Iye anati bamboyo failo asaione popanda chilolezo cha mkazi wake, anatchula gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino la ufulu wa chinsinsi, koma anavomerezanso kuti bamboyo akhoza kukhala pa chiopsezo, ndiye mayiyu akakhala bwino alangizidwe ndi kuthandizidwa kuti aulule yekha kapena abwere onse kudzayezetsa. Anati zimenezo si za usiku umenewo pakhonde.

Ndiye mukuona kuti ndikumvetsa Anti, ndakulemberani zonsezi osayang'ana pepala. Vuto ndi lakuti ndikakhala pansi kuti ndiyeserere kulemba, ndikafika pa chiganizo chakuti magazi asaikidwe dzanja limaima. Achemwali anga anamwalira ndili Folomu 3. Sanali a Mboni, anakana opaleshoni, ankadikira mawu a alamu anga amene anali ku Joni ndipo foni sinkapezeka. Zina zimene zinachitika tsiku limenelo sindingalembe mu nyuzi, kungoti ine ndinali gadiyani ndipo anesi atandifunsa ndinangokhala chete. Mpaka lero sindidziwa ngati achemwali anakana okha kapena ankaopa. Palibe anawafunsa ali okha, ngakhale ine. Mwana wawo ali Sitandade 4 tsopano, amakhala ndi amayi.

Nthawi zina ndimati alekichala aja alibe mtima, sanaikepo mbale wawo mmanda chifukwa cha fomu yosasayinidwa. Kenako ndimakumbukira kuti funso lenileni limene ndinaphonya pa mayeso, lofunsa wodwala ali yekha, ndi lomwelo likanathandiza achemwali, ndiye ndimalira basi. Ndinalowa udokotala chifukwa cha iwowo.

Sapu, mayeso obwereza aja, ili sabata ziwiri zikubwerazi ndipo ndikalepheranso ndibwereza chaka, ndalama zimenezo amalume alibe, usipa chaka chino sukuphedwa bwino. Ndiye ndithandizeni. Kodi ndingoloweza ndondomeko ya mnzangayo nkulemba zimene akufuna ngakhale mtima ukukana, kumeneko si kunama? Kapena pali njira yolembera kuti ndikulemekeza kukana kwa mayiyo koma nkuonetsanso kuti zikundipweteka, osataya malikisi? Ndipite kwa alekichala ndikawauze za achemwali, kapena aziona ngati ndikupempha chifundo? Amalume ndiwauze panopa kapena ndidikire zotsatira? Ndipo chimene ndikuopa kwambiri, tsiku lina ndili ndekha pa naiti mayi ngati ameneyu akadzandiyang'ana nkunena kuti ayi, ine nditayeza zonse nkupeza kuti mutu wake ukugwira, ndidzatha kuimika dzanja? Ngati sindidzatha, ndipitirize sukuluyi?

Ine wosweka mtima,
Mangochi