Invoisi yanu ikusemphana ndi mizere yake ndi K270,000

Kwa inu a sitolo ya zipangizo zomangira pa Mangochi Boma,

Ndalemba poyera pano chifukwa pa WhatsApp mukungowerenga osayankha, ndipo mnyamata wa pa kauntala akuti za invoisi n'za abwana.

Chithunzi cha invoisi chomwe mwanditumizira pa katundu wopita ku nyumba yomwe ndikumangitsa ku Namwera chili ndi mizere inayi. Simenti matumba 20 pa K32,000 thumba limodzi, mwalemba K640,000. Malata 24 pa K21,000 lililonse, mwalemba K504,000. Misomali ya malata makilo 10 ndi K60,000, ndipo thiransipoti ndi K50,000. Mzere uliwonse paokha uli bwinobwino, ndachulukitsa ndekha. Koma tikaphatikiza yonse inayi zikukwana K1,254,000, pomwe pansi, pa TOTAL, mwalemba K1,524,000. Ndiye K270,000 yapamwambayi yachokera kuti?

Musandiuze kuti ndi VAT. Pa invoisi pomwepo mwadinda kuti mitengoyi msonkho uli kale mkati. Komanso K270,000 ikuposa 21 pa 100 iliyonse ya K1,254,000, ndipo VAT sifika pamenepo. Tsamba lachiwiri nalonso palibe, chifukwa chidindo ndi siginecha zikuoneka pansi penipeni pa chithunzicho, chala cha wojambula chili pambali.

Ine sindikunena kuti mwafuna kundibera, ayi. Yang'anani manambala awiriwo: 1,254,000 ndi 1,524,000. Manambala ake ndi omwewo, kungoti 2 ndi 5 asinthana malo. Osunga mabuku a ndalama amadziwa kuti manambala awiri akasinthana chonchi, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala, ndipo K270,000 kugawa ndi 9 ndi K30,000 ndendende. Zikuoneka kuti wina anawerenga bwino pa kalikuleta, dzanja n'kupotoza polemba. Zimachitika. Chomwe chandipweteka n'choti uthenga wotsatira chithunzicho ukuti ndilipire K1,524,000 kaye kuti lole inyamuke. Ndalama yapamwambayo ndi matumba 8 a simenti n'chenji chomwe, pa mtengo wanu womwewo.

Chonde ndilembereni invoisi yatsopano ya K1,254,000, yodindidwa ndi kusainidwa, ndipo mulembepo nambala ya yakaleyo kuti yathetsedwa. Kufufuta ndi cholembera n'kujambulanso sindilola, chifukwa kope yotsala m'buku lanu ikhalabe ndi K1,524,000, ndipo kumapeto kwa mwezi a akaunti anu adzandiyimbira kuti ndili ndi ngongole. Ngati pali katundu wina wa K270,000 yemwe munaiwala kulemba, mutchuleni dzina ndi kuchuluka kwake ndione ngati ndinamuitanitsadi.

Ndalama ndili nayo, koma sinditumiza ngakhale tambala mpaka invoisi yolondola ifike. Amisiri angokhala ku Namwera kudikira simenti, ndiye mundiyankhe lero lisanathe, apo ayi ndikagula kwina.