Mawu a m'buku lakale la maliro asindikizidwe monga momwe analembedwera

Akonzi,

Zikomo potisindikizira masamba a buku lakale la bungwe lathu la maliro, lomwe makolo athu ochokera ku Nyasalandi ankalembamo zopereka atafika kuno ku Zimbabwe kudzagwira ntchito. Koma pansi pake munalemba kuti mwakonza kalembedwe kuti owerenga asavutike. Ine ndi anzanga angapo sitinagwirizane nazo, ndipo ndikupempha malo kuti ndifotokoze chifukwa chake.

Kukopera ndi kukonza ndi ntchito ziwiri zosiyana. Wokopera amatenga chilembo chilichonse monga chilili papepala, cholondola ndi cholakwika chomwe, ndipo funso lake ndi limodzi: kodi munthuyu analemba chiyani? Wokonza amafunsa zina: kodi ankafuna kunena chiyani, nanga lero tingazilembe bwanji? Funso lachiwirili lili ndi malo ake, koma yankho lake ndi maganizo a wokonzayo. Mukasakaniza ziwirizi popanda chizindikiro, wowerenga sangadziwenso pomwe pathera mawu a mlembi wakale ndi pomwe payambira anu.

Tiyeni titenge mzere umodzi. M'bukumo mwalembedwa kuti: "Analipila 2/6 cifukwa ca malilo a mkazi wace ku Harari." Inu munasindikiza kuti: "Analipira pa 2 Juni chifukwa cha maliro a mkazi wake ku Harare." Zikuwerengeka bwino, koma mfundo ziwiri zatayika.

Choyamba, 2/6 si tsiku. Ndi ndalama, masheleni 2 ndi mapeni 6. Dziko lino linkagwiritsa ntchito mapaundi, masheleni ndi mapeni mpaka mu 1970, pomwe dola inayamba. Mapeni 12 ankapanga sheleni imodzi, masheleni 20 n'kupanga paundi. Mwana wobadwa m'nyengo ya madola sangazidziwe zimenezi, ndipo sindikumudzudzula. Koma akanangokopera 2/6 monga momwe zilili, wachikulire aliyense wa ku Mabvuku kapena ku Highfield akanazizindikira pomwepo. Tsopano mtengo womwe anthu ankasonkha pamaliro wasanduka tsiku lomwe mlembi sanalitchule n'komwe.

Chachiwiri ndi chomwe chandipweteka kwambiri. Harari wa m'bukumo si mzinda wa Harare. Nthawi imeneyo mzinda unkatchedwa Salisbury, ndipo dzina la Harare unalilandira mu 1982. Harari linali komboni la anthu akuda lomwe lero timalitcha Mbare. Mlembi uja ananena malo enieni kumene maliro anachitikira. Posintha chilembo chimodzi chokha, mwachotsa maliro m'komboni limodzi n'kuwamwaza mumzinda wonse. Mdzukulu wofufuza kumene agogo ake aakazi ankakhala wataya poyambira.

Mwina munganene kuti ziwirizi n'zolakwitsa wamba, ndipo kukonza kochitidwa mosamala sikukanazibweretsa. Ndikuvomera pang'ono. Koma ngakhale "cifukwa" ndi "wace" sizinali zolakwika ayi. Ndi mmene ambiri ankaphunzitsidwira kulemba, ndipo ndi mmene Buku Lopatulika lakale linasindikizidwira. Amene akali nalo m'nyumba atsegule aone. Ku Malawi chinenerochi chinayamba kutchedwa Chichewa m'malo mwa Chinyanja mu 1968, ndipo malamulo a kalembedwe a mu 1973 ndiwo anakhazikitsa ch pomwe ambiri ankalemba c, ndi tch pomwe ankalemba ch. Ku Zambia akulembabe c mpaka lero. Makolo athu ambiri anali atawoloka kale Zambezi malamulowo asanabwere, ndipo anamwalira akulemba momwe anaphunzirira kumudzi.

Apa pali msampha womwe okonza ambiri sauona. M'kalembedwe kakale kaja, "kuca" ndi kwa m'mawa, pomwe "kucha" ndi komwe ife timalemba "kutcha", monga kutcha mwana dzina. Wokonza akasintha c aliyense kukhala ch n'kuiwala kusintha ch wakale kukhala tch, mawu awiri osiyana amasanduka amodzi. Poti si onse ankatsata njira imodzi, pakuti ena ankalemba ch kale lomwe, njira yodziwira zomwe mlembi wanu ankatanthauza ndi kuona mmene ankalembera m'masamba ena onse. Masambawo akakonzedwa, poyerekezera palibenso.

M'buku lathu muli manja a alembi angapo. Wina amalemba l ponseponse, wina amasakaniza l ndi r, wina wapambuyo pake amalowetsamo mawu a Chishona monga "mari" m'malo mwa ndalama ndi "kumusha" m'malo mwa kumudzi. Ameneyu mwina anabadwira konkuno. Ukamawerenga bukulo mwadongosolo umaona chinenero cha matchona chikusintha pang'onopang'ono. M'masamba omwe munasindikiza, alembi onsewa akuyankhula ngati munthu mmodzi wophunzira sukulu ya lero ku Lilongwe.

Mayina ndiye osawakhudza n'komwe. Pali tsamba lomwe palembedwa "Piri", inu munaika "Phiri". Mfunda wake ndi umenewo ndithu. Koma mabanja ambiri kuno ali ndi zitupa zolembedwa Piri, poti kalaliki wakale analemba momwe anamvera, ndipo zidzukulu zikuyenda ndi dzina lomwelo. Munthu wofufuza za makolo ake amafuna kuona dzina lofanana ndi la pa chitupa cha agogo ake. Mukamukonzera, mwamubisira m'bale wake.

Njira yomwe tikupempha siyovuta. Tsamba lijambulidwe kaye ndi kupatsidwa nambala. Kenako likoperedwe mzere ndi mzere, kusunga zilembo zazikulu ndi zazing'ono ndiponso mipumiro monga zilili. Pomwe inki yafufutika, wokopera alembe [sizikuwerengeka] m'malo mongopeka. Ngati akuganizira mawu koma sakutsimikiza, awaike m'mikutiramawu yangodya yomweyo pamodzi ndi chizindikiro cha funso. Mawu omwe mlembi anawakhwatcha alembedwebe, n'kunena kuti anakhwatchidwa, chifukwa nthawi zina dzina lokhwatchidwa limasonyeza munthu amene anachoka m'bungwe kapena kubwerera kumudzi. Ngakhale masamu olakwika asiyidwe. Anthu 8 akasonkha 2/6 aliyense zimakwana paundi imodzi; mlembi akalemba 19/6, wokopera alembe 19/6 n'kuonjezera kuti [analemba choncho]. Sitikudziwa ngati anaphonya kuwerengera kapena wina anapereka zoperewera ndi mapeni 6, ndipo si udindo wathu kumuweruzira.

Pomaliza pakhale anthu awiri, wina akuwerenga buku mokweza chilembo ndi chilembo, wina akutsata zokoperazo. Dzanja la munthu wodziwa bwino Chichewa limakonza lokha mwini wake osazindikira, ndipo lamya nayo imasintha mawu ukamatayipa. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaona tsamba la m'zaka za m'ma 1950 lilibe cholakwika ngakhale chimodzi malinga ndi malamulo a lero, dziwani kuti lakonzedwa.

Sindikukana kuti ana athu a ku Dzivarasekwa ndi ku Tafara, omwe Chichewa amachimva movutikira kale, amafunika mawu osavuta kuwerenga. Apatseni ndithu. Ikani zokonzedwazo pambali kapena pansi, mulembe kuti ndi kalembedwe ka lero, mutchulenso amene wakonza kuti tidziwe wofunsa tikasemphana maganizo. Zolakwitsa za wokopera mwini wake nazonso zikonzedwe, poti si za mlembi wakale.

Buku lenilenilo lathetheka, ndipo masamba ena sachedwa kung'ambika ukawatsegula. Anthu ambiri sadzaligwira m'manja. Adzangodalira zomwe inu mwasindikiza. Chonde sindikizaninso masamba aja monga momwe analembedwera, pamodzi ndi chithunzi cha tsamba limodzi kuti owerenga ayerekeze okha. Zithunzizo tili nazo ndipo tikhoza kukutumizirani.

Ine wanu,
Mlembi wa bungwe la maliro,
Mufakose, Harare