Za munda wa maekala asanu umene si wa maekala asanu

Chipata, 14 Okutobala

Achimwene aTembo,

Kalata yanu ndinailandira Lolemba, ndipo ndalama zija K3,000 zinafika bwino pa foni, koma sindinazipereke kwa mwini munda, chifukwa ndinayamba ndapita kukaupima ndekha, ndipo zimene ndinapeza zandisowetsa tulo masiku atatu. Mwakhalitsa ku Kitwe, achimwene, mpaka mwafika pobwereka munda umene simunaupondepo, pongomva kuti aBanda anauona ali pa njinga.

Munalemba kuti mukufuna mahekitala awiri a chimanga, ndipo madala aja a njira ya ku Chadiza anakuuzani kuti ali ndi maekala asanu, pa K600 ekala imodzi. Pa pepala palibe cholakwika. Hekitala imodzi ndi malo a mamita 100 mulitali ndi mamita 100 mulifupi, amene ndi masikweya mita 10,000, pamene ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047, kotero kuti mu hekitala mumalowa maekala 2.47. Anthu amangoti awiri ndi theka, ndipo pa munda waung'ono zimenezo sizipweteka munthu. Mahekitala anu awiri ndi masikweya mita 20,000, kapena maekala 4.94, ndiye amene wanena kuti asanu sanakubereni kanthu. Vuto ndi lakuti ekala ya madala aja si ekala ya m'buku, ndi ekala ya miyendo yawo.

Nditawafunsa mmene anapimira, anandiyankha mosakayika kuti ekala ndi mapazi 70 uku ndi mapazi 70 uku, monga anawaphunzitsira atate awo. Chiwerengero chimenecho chili ndi pochokera, chifukwa ekala ndi masikweya yadi 4,840, ndipo mayadi 70 kuchulukitsa ndi mayadi 70 ndi 4,900, zimene zili pafupi kwambiri. Koma yadi ndi masentimita 91, ndipo kuti phazi la munthu lifike pamenepo pamafunika kutanyula ndithu. Madala aja mukuwadziwa msinkhu wawo. Ndinawapempha kuti ayende mapazi 10 pa bwalo, mwana wawo n'kulemba mzere ndi kamtengo poyambira ndi pothera, ndipo tepi inasonyeza mamita 8 okha. Ndiye kuti phazi lawo ndi masentimita 80, mapazi 70 ndi mamita 56, ndipo 56 kuchulukitsa ndi 56 ndi masikweya mita 3,136. Pa ekala iliyonse pakusowa masikweya mita opitirira 900, chifukwa kuperewera kwa phazi kumadya mbali zonse ziwiri, mulitali ndi mulifupi momwe. Ndakhala ndikuganiza kuti mukanatumiza aZulu aatali aja, amene phazi lawo limakwana mita, ekala yawo ikanakhala masikweya mita 4,900, ndipo olira akanakhala mwini munda. M'dera lino ekala imakula ndi kuchepa potengera amene wadzuka kukayenda, ndipo ndayamba kuyang'ana miyendo ya munthu aliyense amene akulankhula za malo, ngakhale ku tchalitchi, mpaka amayi a kunyumba andidzudzula.

Lachitatu ndinabwererako ndi aBanda ndi chingwe cha mamita 50 chimene tinayamba tachiyeza ndi tepi, n'kumanga mfundo pa mamita 10 aliwonse. Chingwe cha nayiloni chimatamuka mukachikoka mwamphamvu, choncho ndinauza aBanda kuti azingochiwongola, asamachikoke ngati akukoka ng'ombe. Munda wake si wofanana mbali zonse. Kumtunda, kumene kuli mtengo wa mpundu, ndi mamita 110 mulifupi, ndipo kumunsi, cha ku dambo, ndi mamita 90, pamene kuchokera kumtunda kukafika kumunsi, poyenda molunjika pakati, ndi mamita 160. Tinaphatikiza 110 ndi 90 n'kugawa pawiri, tinapeza 100, ndipo 100 kuchulukitsa ndi 160 ndi masikweya mita 16,000. Mukagawa ndi 10,000 mupeza mahekitala 1.6, mukagawa ndi 4,047 mupeza maekala 3.95. Kuwerengera kotereku kumagwira pokhapokha malire a kumtunda ndi a kumunsi akuyenda mofanana osapatukana, monga alili pa munda uwu. Ukanakhala wokhotakhota tikanaudula m'zigawo n'kupima chilichonse pachokha. Onaninso kuti maekala asanu a miyendo ya madala ndi masikweya mita 15,680, pafupifupi zomwe chingwe chinatiuza, ndiye sindikuwatcha akuba. Iwo anayenda moona mtima, inafupika ndi miyendo.

Koma ndalama zanu sizidziwa za mtima wa munthu. Pa K600 ekala imodzi, maekala 3.95 ndi K2,370, ndiye kuti K630 mukanalipirira nthaka imene kulibe. Poyerekeza ndi minda ina imene eni ake amatchula mtengo pa hekitala, mtengo umene munagwirizana ndi pafupifupi K1,480 pa hekitala, koma mukapereka K3,000 yonse pa mahekitala 1.6 mwalipira K1,875 pa hekitala. Ndipo sindinachotse chulu chachikulu chimene chili pakati, chimene khasu la ng'ombe silingakwere.

Chimene chikundilemera kwambiri ndi fataleza. Alangizi amawerengera pa hekitala, matumba anayi a wapansi ndi anayi a wapamwamba, a makilogalamu 50 lililonse, ndipo inu munandiuza kuti ndigule matumba 16. Munda uwu ukufuna matumba 13 okha, ndipo atatu otsalawo mukudziwa nokha kuti sangafike Disembala ali m'nyumba mwanga, chifukwa abale akangomva fungo lake amabwera ndi timatumba. Choipa kuposa apo n'chakuti pokolola mukanawerengera matumba a chimanga pa mahekitala awiri, n'kumaganiza kuti nthaka ndi yotopa kapena kuti ine ndadyako, ndipo ubale wathu ukanathera pa masikweya mita 4,000 amene sanakhalepo chiyambire.

Mlongo wanu aNatembo, amene anabereka mwana wamwamuna sabata yatha ndipo onse ali bwino, anandiuza kuti muwasiyireko theka la hekitala la nshawa, ndipo anapima okha mamita 50 uku ndi 50 uku, poganiza kuti theka la 100 ndi 50. Ndinavutika kuwafotokozera kuti amenewo ndi masikweya mita 2,500, ndiyo lima imodzi imene alangizi anatiphunzitsa kalekale, ndipo mu hekitala muli malima anayi, osati awiri. Theka la hekitala ndi mamita 50 kwa mamita 100. Anandiyankha kuti ndikuwachepetsera munda chifukwa cha nsanje.

Pa zimene munatchula zoti mudzaugule chaka chamawa, musafulumire. Malowo ali m'manja mwa amfumu, ndipo kuti mudzapeze taitolo pamafunika chilolezo chawo ndi cha khonsolo, kenako wopima wovomerezeka ndi boma, amene pa mapu ake adzalemba mahekitala, osati maekala. Mukadzagwirizana mtengo pa maekala asanu, pepala n'kudzatuluka ndi 1.6, mudzakhala mutalipira kale. M'pangano lililonse, ngakhale la lendi ya chaka chino, ndikufuna tilembe mamita a mbali iliyonse ndi zizindikiro za m'malire, pamaso pa anyakwawa.

Madala akuti K3,000 sachotsapo, chifukwa atate awo anaulima ngati maekala asanu ndipo manda sangatsutsidwe ndi chingwe. Ine ndawauza K2,400. Kuseri kwa chulu kuli kachigawo kena ka mphwawo kamene ndikuganiza kuti kangakwane lima imodzi ndi theka, ndipo ngati mungalole kuti ndikakapime Loweruka, tikanatha kufika pafupi ndi mahekitala awiri aja, kungoti chingwe chija aBanda anapita nacho kukamangira mbuzi, ndipo pepala landithera pano ndisanakuuzeni za

Ine wanu,
Phiri