Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: tidzadziwa bwanji ngati uthenga wathu wa pawailesi wagwira ntchito?

A Tcheyamani, a komiti, amayi ndi abambo a kopaletivi yathu,

Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wa anthu opanga ndi kugulitsa zakudya, ndipo funso limene munandipatsa linali limodzi: ndalama zimene tasonkha zolengezera chiponde chathu pawailesi, tidzazindikira bwanji kuti sizinalowe m'madzi? Ndabwera ndi yankho, koma libwera ndi pempho limene ena silikusangalatsani. Ndikupempha kuti uthenga uja usayambe kuwulutsidwa mwezi uno monga tinagwirizanira. Tidikire masabata atatu, tiyambe tayeza kuti ndi anthu angati akulidziwa dzina lathu lero lino.

Chifukwa chake nchosavuta. Mayi amene amatsogolera zokambirana anatifunsa kuti amene analengezapo malonda chaka chatha akweze mkono. Mikono inakwera yambiri, wanga womwe. Kenako anafunsa kuti ndani anayeza kudziwika kwa dzina lake asanayambe kulengeza. M'chipinda munangoti zii. Ndinakumbukira zikwangwani zathu zija za chaka chatha. Malonda atakwera tinati ndi zikwangwani, koma inali nthawi yokolola, anthu anali ndi ndalama m'thumba, komanso tinali titangolowa m'magolosale atsopano. Mpaka lero palibe mwa ife anganene motsimikiza kuti chinakweza malonda nchiti.

Njira zimene tinaphunzira ndi zitatu, koma sizilemera mofanana kwa ife. Yaikulu ndi kafukufuku wofunsa anthu, ndiye ndikhalitsapo pamenepo.

Mafunso ake ndi ochepa, koma ndondomeko yake siisinthika. Loyamba limafunsidwa popanda kutchula dzina lililonse: "Mukaganiza za chiponde cha m'botolo, ndi maina ati amene akubwera m'mutu mwanu?" Wofunsa amalemba maina onse monga atchulidwira, ndipo loyamba kutchulidwa amaliika chizindikiro, pakuti ndilo limene munthuyo angaitanitse akaima pa kauntala. Akatha pamenepo mpamene amawerenga mndandanda wa maina, lathu lili pakati pa ena, nkufunsa kuti, "Mwa awa, ndi ati amene munawamvapo?" Mukatembenuza ndondomekoyi, kuyamba ndi mndandanda, ndiye kuti funso loyamba lija laonongeka, chifukwa munthuyo adzangobwereza maina amene mwangomuuza kumene.

Pali vuto lina limene tonse tikulidziwa bwino, ulemu. Mlendo akafunsa mayi wa kwathu kuno kuti "Munalimvapo dzina ili?", ambiri amayankha kuti eya pofuna kusamukhumudwitsa. Mankhwala ake ndi kuika pamndandanda dzina limodzi lopeka, la chiponde chimene kulibe. Ngati anthu 10 pa 100 aliwonse anena kuti amalidziwa dzina lopekalo, mwadziwa kuti gawo lina la "eya" wa dzina lathu ndi ulemu chabe. Pachifukwa chomwechi wofunsa asavale malaya a kopaletivi, asanene kuti watumidwa ndi ife mpaka mafunso atatha, ndipo asakhale membala wodziwika m'deralo. Izi zikutanthauza kuti ana athu a pano sangafunse pa msika wa pano.

Nanga tifunse anthu angati? Apa ndi pamene ndinalemba kwambiri m'kope. Tiyerekeze kuti tafunsa anthu 100 tisanayambe, ndipo 20 atchula dzina lathu okha. Patatha masabata asanu ndi atatu tafunsanso anthu ena 100, ndipo otchula ndi 26. Tikhoza kuomba m'manja kuti takwera ndi 6, koma pa gulu laling'ono chotere kusiyana kumene kungabwere mwangozi chabe, malinga ndi amene mwakumana nawo tsikulo, kumafika pafupifupi 12. Choncho 6 uja sakutiuza kanthu. Tikafunsa anthu 400 ulendo uliwonse, nkupeza 20 peresenti kenako 26 peresenti, kusiyana kwangozi kumatsika kufika pafupifupi 6, ndipo pamenepo tangofika kumene pamalire oti tikhulupirire. Lamulo lake ndi lowawa: kuti muchepetse kusatsimikizika ndi theka, muyenera kufunsa anthu ochuluka kanayi.

Ndipo anthu 400 aja asachokere malo amodzi. Mukaima pa khomo la golosale imene imagulitsa chiponde chathu, mudzapeza nambala yokoma koma yabodza. Tiwagawe m'misika ingapo ndi m'midzi, masiku osiyana, amuna ndi akazi, ndipo ulendo wachiwiri tibwerere malo omwewo, masiku a msika omwewo, ndi mafunso osasinthidwa ngakhale liwu limodzi, koma kwa anthu ena. Amene tinamufunsa ulendo woyamba walimva kale dzinalo kwa ife, kotero sangatiuze za wailesi. Mayankho angalembedwe pa foni ndi pulogalamu ya KoboToolbox, imene imagwira ntchito ngakhale kumene kulibe netiweki nkudzatumiza pambuyo pake.

Chinthu chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi dera loyerekezera. Popeza tikufuna kugwiritsa ntchito wailesi ya m'dera, imene simveka dziko lonse, tili ndi mwayi umene olengeza pa MBC kapena pa Zodiak sakhala nawo mosavuta. Tingasankhe dera lina lofanana ndi lathu, kumene chiponde chathu chimagulitsidwa koma wailesiyo sifikako, nkufunsanso kumeneko. Tiyerekezenso: kwathu takwera kuchoka pa 20 kufika pa 26, koma kudera kumene uthenga sunamveke nakonso akwera kuchoka pa 18 kufika pa 22. Ndiye kuti 4 mwa 6 uja akanabwera ngakhale popanda wailesi, mwina chifukwa cha nyengo kapena mabotolo athu kuoneka m'mashelefu ambiri. Otsala 2 ndi ochepa kwambiri moti sitingalumbire kuti ndi a wailesi. Ndikudziwa kuti izi zikuwirikiza mtengo wa kafukufuku. Ine ndikuona kuti nkwabwino kuchotsako masabata awiri a uthenga kuti tilipire dera lachiwirili.

Njira yachiwiri ndi kuona ngati anthu ofufuza dzina lathu pa Google akuchuluka. Ubwino wake ndi woti palibe amene amalemba dzina pa foni yake chifukwa cha ulemu. Amalemba chifukwa walimva ndipo akulifuna. Amene ali ndi tsamba la pa intaneti ngati ife amatsegula Google Search Console, nkupita pa Performance, nkuona mawu amene anthu analemba tsamba lawo lisanaonekere. Imasunga za miyezi 16, choncho tingathe kufananiza mwezi ndi mwezi womwewo wa chaka chatha, osati ndi mwezi wangothawu, kuti nyengo isatinamize. Nambala yoyang'ana ndi Impressions ya mawu okhala ndi dzina lathu, kutanthauza maulendo amene tsamba lathu laonekera kwa ofufuza mawuwo.

Apa ndinadzutsa mfundo imene ena sanaiganizire. Ife timasinthanitsa l ndi r polemba, makamaka dzina limene tangolimva ndi makutu. Mukasefa ndi kalembedwe kamodzi, mutaya ena. Pa sefa ya Query, yosankhira mawu ofufuzidwa, pali Custom (regex), imene imagwira makalembedwe angapo nthawi imodzi, ndipo dzina likanakhala Kalulu, mwachitsanzo, mukanalemba chonchi:

```
ka[lr]u[lr]u
```

Izi zigwira kalulu, karuru, kaluru ndi karulu pamodzi. Koma chitsanzo chomwechi chikuonetsa msampha: dzina likakhala liwu wamba, ena ofufuzawo akufuna zoweta akalulu, osati chiponde.

Ndinene mosabisa kuti njira iyi ndi yofooka kwa ife. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 80 pa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi, ndipo ogula athu ambiri akamva dzina pawailesi amakafunsa kwa mwini golosale, osati kwa Google. Kuchoka pa ofufuza 15 pamwezi kufika pa 30 kumamveka ngati kuwirikiza, koma akhoza kukhala ife tomwe ndi abale athu. Google imabisanso mawu amene afufuzidwa ndi anthu ochepa kwambiri. Google Trends, imene imaonetsa mmene liwu likufufuzidwira pa Google, nayo sipereka chiwerengero chenicheni, imangopereka mulingo wa 0 mpaka 100, ndipo pa dzina laling'ono kawirikawiri sionetsa kanthu. Tiziiyang'ana poti ndi yaulere, ndipo idzatiuzako za ogula a m'tauni ndi eni mashopu aakulu, koma tisamangepo chiganizo cha ndalama.

Njira yachitatu ndi gawo lathu la mawu, kutanthauza kuti pa kulengeza konse kwa chiponde kumene kukumveka m'dera lathu, kwathu ndi kochuluka bwanji. Tiyerekeze kuti pa mwezi uthenga wathu wamveka ka 60, wa wopikisana naye wamkulu ka 180, wa wina ka 60. Onse pamodzi ndi 300, ndiye gawo lathu ndi 20 peresenti. Kuwerenga maulendo kokha kumanamiza, pakuti uthenga wa nthawi ya nkhani za madzulo sufanana ndi wa pakati pa usiku. Nkwabwino kuchulukitsa maulendo ndi mtengo wa nthawiyo pa mndandanda wa mitengo wa wailesi, nkufananiza ndalamazo.

Nambala imeneyi imafananizidwa ndi gawo lathu la msika. Katswiri wa zolengeza malonda John Philip Jones analemba mu 1990 kuti maina ang'onoang'ono amayenera kulankhula mopitirira kukula kwawo pamsika, ndipo pambuyo pake Les Binet ndi Peter Field, pounika makampeni osonkhanitsidwa ndi IPA, bungwe la olengeza malonda la ku Britain, anatchukitsa kuyerekeza koti gawo la mawu likaposa gawo la msika ndi 10, gawo la msikalo limakula ndi pafupifupi theka la peresenti imodzi pachaka. Ngati msika wathu uli 8 peresenti ndipo mawu athu ali 20, kupitirira kwake ndi 12, ndipo choyembekezera ndi pafupifupi 0.6 pachaka. Ndi zochepa, ndipo zinachokera ku makampani akuluakulu a kunja, choncho tisazitenge ngati lonjezo. Phindu lake kwa ife ndi lina: kafukufuku akadzaonetsa kuti sitinakwere, gawo la mawu lidzatiuza ngati uthenga unali wofooka kapena tinangomizidwa ndi amene analankhula katatu kuposa ife. Palinso phindu laling'ono: amene azimvera wailesi ndi kope m'manja adzaonanso ngati maulendo onse amene talipira akuwulutsidwadi.

Zimene ndikupempha komiti ivomereze Loweruka likubwerali ndi izi. Uthenga uyambe patatha masabata atatu. Tilembe ofunsa anayi ochokera kunja kwa dera lino, afunse anthu 400 kuno ndi 400 kudera loyerekezera, ndipo adzabwererenso sabata yotsatira uthenga ukadzatha. Mamembala awiri azisinthana kumvera wailesi m'mawa ndi madzulo nkumalemba mauthenga onse a chiponde, athu ndi a ena. A Mlembi akopere ziwerengero za Search Console za miyezi 16 sabata ino, zakale zisanafufutike. Mapepala a mafunso ndawalemba kale m'Chichewa ndipo ndidzabwera nawo kuti tiwayese pa anthu khumi tisanasindikize, pamodzi ndi malisiti a ulendo amene ndidzapereka kwa a Msungichuma.