Lipoti la Msonkhano wa Chitetezo cha Wi-Fi ya mu Ofesi

Wapampando ndi mamembala onse a komiti,

Munandituma ku Lilongwe ku msonkhano wa chitetezo cha intaneti ya m'maofesi, ndipo ndabwera ndi mfundo ziwiri zimene zikukhudza ofesi yathu.

Yoyamba ndi pasiwedi. Mphunzitsi atafunsa amene anaika nambala ya foni ngati pasiwedi ya Wi-Fi, ndinakweza dzanja mwamanyazi. Anafotokoza kuti munthu woima kunja kwa mpanda angathe kutola uthenga umene foni ndi rauta zimapatsana pamene zikulumikizana, n'kupita nawo kwawo kukayesa mapasiwedi pa kompyuta yake, rauta yathu osadziwa kanthu. Nambala yoyamba ndi 088 imatsala ndi manambala 7 okha osadziwika, kutanthauza njira 10 miliyoni, zimene kompyuta yamphamvu imamaliza m'mphindi zochepa.

WPA2, imene ndi njira yotetezera Wi-Fi, imalola pasiwedi ya zilembo 8 mpaka 63, choncho malo alipo okwanira. Anatilangiza kulumikiza mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana, osankhidwa mwa maere, monga `ndowa-mphaka-utsi-bawo-chitseko`. Chitsanzochi tisachigwiritse ntchito, popeza chalembedwa kale pano. Mwambi kapena vesi la m'Baibulo siziyenera, chifukwa oyesa mapasiwedi amayamba ndi mawu odziwika. Tizimitsenso `WPS`, njira yachidule yolumikizira ku Wi-Fi popanda kulemba pasiwedi, chifukwa PIN yake imapezeka poyesa kosapitirira 11,000, ndipo pasiwedi yolowera pa tsamba la rauta ikhale ina.

Yachiwiri ndi alendo. Pakali pano aliyense amene tamupatsa pasiwedi amalowa pa netiweki imodzi ndi pulinta komanso kompyuta ya msungichuma, ndipo laputopu ya mlendo ikakhala ndi vairasi ingathe kufikira mafayilo athu mwini wake osadziwa. Marauta ambiri ali ndi gawo lotchedwa `Guest Network`, limene limapatsa alendo dzina ndi pasiwedi yawoyawo. Koma kuliyatsa kokha sikukwanira, pakuti pa marauta ena pali bokosi lolembedwa `Allow guests to access my local network`, ndipo likakhala lochongedwa, mpandawo palibe.

Kutsimikiza kwake n'kosavuta. Tilumikize laputopu pa netiweki ya alendo, kenako tiyese adiresi ya pulinta, mwachitsanzo:

```
ping 192.168.1.20
```

Pulinta ikayankha, ndiye kuti alendo akadali m'nyumba mwathu. Ikapanda kuyankha, pamene pa netiweki ya ogwira ntchito ikuyankha, kulekanitsa kwatheka.

Maganizo anga ndi akuti mafoni athu nawonso akhale ku mbali ya alendo, ngakhale ndikudziwa kuti ena mudandaula posindikiza zikalata kuchokera pa foni. Ndikupempha komiti ivomereze kuti pasiwedi ya ogwira ntchito isinthidwe sabata ino komanso nthawi iliyonse wina akasiya ntchito, ndiponso kuti isankhe anthu awiri oisunga.