Kwa Misozi, usanapite ku Siviki Senta

Misozi mwana wanga,

Lamlungu unachoka nsima ili pamoto, ndiye ndalemba kuti usandidule pakamwa. Azakhali ako a ku Chawama akuti mwamuna wako uja anasiya mkazi ku Katete, wa ana awiri. Mwina ndi mabodza a pamaliro. Koma tulo sindikupeza, ndipo iwe ukungondiuza za diresi ndi keke.

Funso langa ndi limodzi: kodi mkazi ameneyo anali ndi ankhoswe? Ngati makolo anakhala pansi, chimalo chinaperekedwa, ndiye kuti ndi ukwati, ngakhale kulibe pepala lililonse. Ukwati wa mwambo suyembekezera setifiketi kuti ukhale ukwati. Ndipo wa ku khonsolo umene ukuufunawu ndi wa mkazi mmodzi basi. Mwamuna amene adakali pa ukwati wa mwambo ndi mkazi wina akasaina nawe, wanuwo ndi wachabe pamaso pa lamulo, iyeyo n'kukhala ndi mlandu wa kundende. Ukandiuza kuti "anasiyana kale", ndikufunsa kuti anasiyanira kuti? Kuthawira ku Lusaka si kusudzula. Akuonetse pepala la ku lokolo khothi lothetsa ukwatiwo, kapena atume amalume ake adzanene pamaso pa amalume ako kuti unatha liti, panali ndani. Ngati mkaziyo anamwalira, pali setifiketi ya imfa. Uigwire ndi dzanja lako, osati pa foni.

Uli mwana unkabisa chilonda mpaka chitatukusira, kuopa jekeseni. Khalidwe limenelo ndikulionanso.

Tsiku lokapereka notisi, aliyense atenge reji yake yeniyeni ndi fotokope. Mmodzi wa inu ayenera kukhala atakhala mu Lusaka masiku 15, zimenezo zilibe vuto. Zaka 21 unapitirira kale, choncho kalata ya chilolezo ya atate ako siyofunika, ngakhale mwaulemu uwauze ndithu. Kenako pali afidaviti, pomwe munthu amalumbira kuti palibe choletsa ukwatiwu ndiponso kuti alibe mkazi wina wa mwambo. Pamenepo umuyang'ane kumaso. Usatanganidwe ndi foni.

Maina anu amakhomedwa pa bolodi masiku 21 kuti wodziwa choletsa akanene. Wandiuza kuti akufuna kulipira laisensi yapadera kuti mudumphe masiku amenewa. Akuthamangira chiyani? Mukapereka notisi pa 3 Juni, pofika pa 24 Juni masiku akwana, ndipo muli ndi miyezi itatu kuchokera tsiku la notisi, ndiye kuti mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Ikadutsa osakwatirana, mumayambiranso. Nthawi ilipo yambiri. Masabata atatuwo ndi ako, mwana wanga, aleke maina akhale poyera, a ku Katete amve. Wopanda chobisa saopa bolodi.

Mboni zimafunika ziwiri, zokhala ndi mareji awo, ndipo zimasaina pa setifiketi. Usalole kuti zonse zikhale anzake a kuntchito. Mmodzi akhale wa magazi ake, amalume kapena mkulu wake, munthu woti mawa sangakane kuti sankadziwa. Kumbali yako apite amalume ako.

Ndikukumbukira mayi ako aang'ono atafedwa. Anatulutsa pepala m'sutikesi, lokutidwa bwinobwino m'pulasitiki, la maluwa m'mbali. Linali la dalitso la kutchalitchi chabe, m'busayo analibe chilolezo cha boma chomangitsa maukwati. Chinawapulumutsa ndi ankhoswe okalamba aja amene anakaima kukhothi ndi ndodo yawo n'kunena kuti chimalo analandira ndi iwo. Koma anatulukiranso mkazi woyamba, ndipo gawo la mkazi wamasiye, 20 pa 100 ya chuma malinga ndi lamulo la 1989, anagawana awiri. Ndinawaperekeza ine pa minibasi, akulira njira yonse.

Ngati mungasankhe kukhala pa wa mwambo wokha, kaulembetseni ku lokolo khothi. Mupite nonse awiri ndi mareji, pamodzi ndi achibale a mbali zonse okachitira umboni kuti makolo anavomera ndipo za mwambo zinaperekedwa, akupatseni setifiketi. Koma udziwe kuti pepala limenelo silimuletsa kutenga wachiwiri, kapena kukusandutsa iwe wachiwiriyo. Wa ku khonsolo ndiwo umatseka chitseko, ndipo ukavuta umakathera ku khothi lalikulu, osati pansi pa mtengo.

Sindikudana naye mnyamatayo. Anandikonzera geti osapempha kanthu. Koma za mkazi wa ku Katete ndikufuna ndimve kuchokera pakamwa pa amalume ake. Loweruka ubwere naye kuno ku Mtendere, atenge reji ndi pepala lija. Ndaika kale nkhuku pambali.

Ndine amako.