Kuyabwa kukatha kumabwera fungo, banja langa likugwedezeka

Azakhali,

Ndikulemba usiku, ana agona, bambo a kunyumba agona pampando pabalaza monga akuchitira masiku ano. Dzina langa musalitchule chonde, kutchalitchi kwathu ambiri amawerenga tsamba lanuli.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa kaunjika. Ndine munthu waukhondo, izi ndinene poyamba, chifukwa apongozi anga akhala akuponya mawu oti akazi a masiku ano sadziwa kudzisamala. Ndimasamba m'mawa ndi madzulo, kabudula wamkati ndimachapa ndekha, ndipo chikwatiwireni sindinadziwepo mwamuna wina.

Vuto loyamba linabwera nditamwa amokisilini chifukwa cha dzino. Kumaliseche kunayamba kuyabwa koopsa, moti pamsika ndinkathawira kuchimbudzi cholipira kuti ndikangodzikanda. Chikazi chinkatuluka choyera, cholimba, cha timibulu ngati chambiko, chomamatira m'mbali. Kunja kunafiira n'kutupa, mkodzo ukakhudzapo ndinkaluma mano. Koma fungo panalibe. Azakhali a amuna anga anati ndi mauka, ndipite akandidule. Ndinakana, ndinapita ku famase. Mtsikana wa pamenepo anandifunsa ngati ndili ndi mimba, ngati ndili ndi shuga, ngati ndamwa mankhwala ena posachedwa. Nditatchula amokisilini anagwedeza mutu, nati ndi kandida. Akuti ndi kafangasi kamene kamakhalamo kale mwa amayi ambiri, ndiye mankhwala a dzino aja anapha tizilombo tabwino timene timakaletsa kuchulukana. Anandipatsa kolotirimazo wolowetsa kumusi, wa mamiligiramu 100, mmodzi usiku uliwonse kwa masiku 6, ndi kirimu wopaka kunja. Zinatheratu. Amuna anga nthawi imeneyo anali munthu, mpaka ankanditengera madzi kubafa.

Chachiwirichi ndi chimene chandilembetsa kalata. Chinabwera nditangomaliza kusamba kumwezi. Chikazi chake n'chamadzimadzi, chotuwirako, chimanyowetsa kabudula koma sichiyabwa kwenikweni. Fungo lake ndi la nsomba, Azakhali, ndipo limakula kwambiri tikangomaliza kukhala malo amodzi ndi bambowa. Tsiku lina anadzuka, anatsegula zenera, nati, "Kodi iwe ukuyenda ndi ndani?" Mawu amenewo sanachokebe m'khutu mwanga. Munthu amene amabwera pakati pa usiku foni atayitembenuza chafufumimba, ndiye andifunse ine zimenezo?

Ndinagulanso kolotirimazo uja poti anandithandiza kale. Sanachite kanthu. Ndinawonjeza kutawasa, chala mkati ndi sopo monga anatilangizira alangizi pachinkhoswe, nthawi zina madzi ofunda othira mchere. Fungo linkachoka kwa maola ochepa n'kubwerera lokwiya. Mnzanga amene tayandikana benchi, yemwe ndinamubwereka ndalama ya belo mpaka lero sanabweze, anasuntha mpando wake. Mwina ankathawa dzuwa, koma ine ndinaona.

Kenako ndinapita kuchipatala. Anamwino anali achikulire, sanandikalipire. Atandiyeza analemba zilembo ziwiri m'buku langa la kuchipatala, BV, n'kundiuza kuti awa ndi matenda ena, osati kandida. Akuti kumusi kwa mayi kumayenera kukhala kowawasa pang'ono, ndipo amene amasunga kuwawasako ndi mabakiteriya abwino. Iwowo akachepa, mabakiteriya ena amachulukana, ndi amene amatulutsa fungo la nsombalo. Umuna ndi magazi a kumwezi zimachepetsa kuwawasa kuja, n'chifukwa chake fungo limakwera nthawi zimenezo. Kolotirimazo amapha fangasi basi, mabakiteriya sawakhudza, ndiye ndalama yanga inangopita. Anandiuzanso kuti sopo wamkati uja akukokolola mabakiteriya abwinowo, ndizingotsuka kunja ndi madzi. Apa mutu wanga unaima. Amayi anga anatawasa moyo wawo wonse, alangizi onse a kwathu amaphunzitsa zomwezo. Onsewo alakwa? Ine ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa.

Anandipatsa fulajilo wa mamiligiramu 400, kawiri patsiku kwa sabata, nati ndisakhudze mowa, ngakhale sindimwa. M'kamwa munkawawa ngati ndatafuna chitsulo koma ndinamaliza. Kungoti sizinathere pomwepo. Anandifunsa za mayendedwe a amuna anga, ine ndinayankha zoona, ndiye anati popeza palibe makina oyezera chilichonse, andithandizanso ngati munthu amene mwina watenga matenda opatsirana pogonana. Anandibaya jakisoni, anawonjeza makapisozi a dokisi, n'kundipatsa kakalata koti amuna anga abwere nako. Anachita kunena okha kuti BV payokha si umboni woti wina wayenda, ngakhale mayi wokhulupirika amadwala. Anati chimene akuopa ndi matenda ena amene amabisala, komanso ena otulutsa chikazi chachikasu kapena chobiriwirako cha thovu, omwe mwamuna naye amayenera kumwa mankhwala.

Kakalatako ndi kamene kanayatsa moto. Bambowa anakawerenga, anakang'amba, nati iwo alibe chilichonse chowawa, wodwala ndine, ndikafunse kumene ndinakatenga. Anakauza mayi awo. Nkhani ya kumusi kwanga inafika kwa apongozi, Azakhali! Pali zinanso zimene ndinapeza m'foni mwawo chaka chatha zomwe sindilemba pano.

Fungo linatha ndithu. Koma ndisanapume, kuyabwa kuja kunabwerera, ndi chikazi cholimba choyera chija. Ku famase anati n'zosadabwitsa, mankhwala opha mabakiteriya amene ndinamwa atsegulanso njira ya kandida. Ulendo uno anandipatsa kapisozi mmodzi wa fulukonazo wa mamiligiramu 150, atanditsimikizitsa kuti ndilibe mimba, poti akuti woyembekezera samwa ameneyu. Kuyabwa kunaleka. Mwezi uno nditangomaliza kumwezi, fungo lija layambiranso. Ndimadzinunkhiza ndekha m'minibasi, ndimakhala kuzenera, kukwaya ndasiya kupita.

Tsopano ndimatha kusiyanitsa ndekha. Chikalimba n'kumayabwa popanda fungo ndi kandida, chikakhala chamadzi chonunkha popanda kuyabwa kwenikweni ndi chinacho. Koma kudziwako kwandithandiza chiyani ngati mankhwala a china akudzutsa chinzake? Kodi ndikagule fulajilo ndekha, kapena ndibwererenso kuchipatala akandipatsenso kakalata kena kodzang'ambidwa? Anamwino anati BV imakonda kubwerera, koma kodi imabwerera yokha kapena ndi bambowa akundibwezera? Anamwino aja anati kondomu imathandiza kuti isabwerebwere. Ndiitchule bwanji kondomu m'nyumba muno, kwa munthu amene akundiganizira kale?

Palinso china. Ndinauzidwa kuti kandida akamabwera pafupipafupi ndi bwino kuyezetsa shuga ndi HIV. Ndili ndi mimba ya mwana wachiwiri ndinayezetsa, ndinalibe. Panopa ndikuopa kupita ndekha, ndipo bambowa sangalole kupita nane. Tinkafunanso mwana wachitatu, koma ndinamva kuti BV imatha kuchititsa mwana kubadwa masiku asanakwane. Ndidikire kaye?

Ankhoswe ndiwaitane? Ankhoswe anga ndi amalume, ndikayambira pati kuwafotokozera za fungo? Nanga sopo uja ndasiya, koma ndikumva ngati ndine wauve, ndipo apongozi akamva kuti sinditawasanso mkati adzati ananena. Chimene chikundiwawa kwambiri si matendawa ayi, ndi funso lija la pazenera, lomwe mpaka lero sanapepese. Ndiyankheni msanga, mlamu wanga akubwera Loweruka kudzamva mbali yanga.

Ine mayi wosowa mtendere,
Lilongwe